Hotela yodzaza koma yosabweza mlendo

Amene anafikapo m'tauni yachilendo usiku, chikwama chili paphewa, amawadziwa mawu aja ofoola nkhongono: "Pepani bambo, malo atha." Zikatero palibenso chokambirana. Ngati nyumba yogona alendoyo ili ndi zipinda 40, ndipo m'chipinda chilichonse muli kale munthu, inu wa nambala 41 mukagona pabenchi kudepoti. Chondererani, kwiyani, chipinda sichimera ngati bowa.

Koma kuli hotela ina kumene manijala amati "tadzaza", nthawi yomweyo n'kunenanso kuti "lowani, malo alipo", ndipo sananame paliponse. Hotelayi sinamangidwe ndi njerwa. Anaipeka ndi katswiri wa masamu wa ku Jeremani, David Hilbert, amene anabadwa mu 1862 n'kumwalira mu 1943. Iye anaifotokoza pophunzitsa pa yunivesite ya Göttingen cha m'ma 1924. Kwa zaka zambiri nkhaniyi sinamveke kutali, mpaka mu 1947 pamene wasayansi George Gamow anaiika m'buku lake lolembera anthu wamba. Kuyambira pamenepo aphunzitsi a masamu sanaisiyenso.

Hotela ya Hilbert ili ndi khonde limodzi lalitali. Chipinda choyamba chalembedwa 1, chotsatira 2, kenako 3, 4, 5, mpaka kutsogolo uko. Chosiyana ndi mahotela athuwa n'chakuti khondeli silitha. Tchulani nambala iliyonse, kaya 1,000 kaya 75,000,000, chipinda cha nambala imeneyo chilipo, ndipo pambali pake pali chinanso. Chipinda chomaliza kulibe, monga momwe kulibe nambala yomaliza, pakuti nambala iliyonse mungathe kuiwonjezera 1. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa nkhani yonseyi yatsamira pa iyo.

Usiku wina zipinda zonse zili ndi anthu. Osati zambiri, koma zonse: gogodani pachitseko chilichonse, munthu ayankha. Ndiye pakhomo pafika bambo wina wotopa.

"Odi! Ndingapezeko pogona?"

"Tadzaza, bambo," atero manijala, "koma takhalani pansi kaye, tikukonzerani."

Ambiri akamva nkhaniyi koyamba amafulumira kunena kuti, "Aa, amutumize kuchipinda chakumapeto." Kumapeto kwake kuti? Manijala akauza bamboyo kuti ayende mpaka apeze chipinda chopanda munthu, ayenda mpaka nsapato kutha, chifukwa chitseko chilichonse chimene afikepo mkati muli munthu. Nzeru ya manijala ndi ina. Atenga chimkuzamawu, alengeza kuti: "Alendo athu nonse, pepani pokudzutsani. Aliyense atenge katundu wake, asamukire chipinda chotsatira." Wa mu 1 alowa mu 2, wa mu 2 alowa mu 3, wa mu 500 alowa mu 501. Mwachidule, amene ali m'chipinda n apita m'chipinda n + 1. Onse atuluka nthawi imodzi, aliyense ayenda mapazi ochepa chabe, ndipo chipinda 1 chatsala chopanda munthu. Bambo uja alandira kiyi.

Tsopano fufuzani ngati pali amene walakwiridwa. Kodi alipo amene wasowa chipinda? Ayi, pakuti aliyense wauzidwa nambala yeniyeni ya kumene apite. Kodi alipo awiri amene agundana pachitseko chimodzi? Ayi, pakuti amene anali m'zipinda zosiyana apitanso m'zipinda zosiyana. Yesani zomwezo kuhotela ya zipinda 40 ija, muona pamene chinyengo chimagwidwira: wa mu 39 alowa mu 40, koma wa mu 40 apezeka ali panja ndi chikwama chake, akuyang'ana khoma. Ku hotela ya Hilbert munthu wotereyu kulibe, chifukwa palibe amene ali m'chipinda chomaliza. Kutafika alendo 10, aliyense asuntha zipinda 10. Kutafika 3,000, aliyense asuntha zipinda 3,000. Ntchito yake ndi yomweyo.

Mawa lake usiku kwafika basi. Basi yakenso ndi ya mtundu wa hotelayo: mipando yake ndi 1, 2, 3, osatha, ndipo pampando uliwonse pali munthu. Apa nzeru ya dzulo ija ikanika. Manijala anganene kuti aliyense asunthe zipinda zingati? Palibe nambala imene angatchule yokwanira. Akati azilowetsa mmodzimmodzi, n'kumasunthitsa anthu nthawi iliyonse, ndiye kuti amayi amene anali m'chipinda 1 azingoyenda usiku wonse, mu 2, mu 3, mu 4, osapeza pogoneka mutu mpaka kalekale. Kulandira alendo kwa mtundu umenewo n'kunamizana.

Manijala alengezanso: "Aliyense ayang'ane nambala ya chipinda chake, aichulukitse ndi 2, apite m'chipinda cha nambala imene wapezayo." Wa mu 1 apita mu 2, wa mu 2 apita mu 4, wa mu 3 apita mu 6, wa mu 50 apita mu 100. Ena ulendo wawo ukhala wautali ndithu, wa mu 1,000,000 adutsa zitseko 1,000,000, koma aliyense akudziwa kumene akupita ndipo akafika. Alendo akale onse tsopano ali m'zipinda za nambala zogawika ndi 2. Zipinda 1, 3, 5, 7 ndi zinzake zonse zosagawika ndi 2 zatsala pululu, ndipo nazonso n'zosatha. Wa pampando 1 m'basi muja alowa mu 1, wa pampando 2 alowa mu 3, wa pampando 3 alowa mu 5. Aliyense achulukitse nambala ya mpando wake ndi 2, achotsepo 1, wapeza chipinda chake. Wa pampando 20 akagona mu 39.

Taimani kaye pamenepa, chifukwa chimene chachitikachi n'chachikulu kuposa kusamutsa anthu. Alendo amene anadzaza hotela yonse akwanira bwinobwino m'zipinda za nambala zogawika ndi 2 zokha, aliyense chake. Ndiye kuti nambala 2, 4, 6, 8 ndi zinzake n'zochuluka chimodzimodzi ndi nambala zonse 1, 2, 3, 4, ngakhale kuti maso akutiuza kuti ndi theka chabe.

Mtima umakana zimenezi, ndipo sizachilendo kuti ukane. Komabe tadzifunseni kuti mawu akuti "chimodzimodzi" amatanthauzanji. Paukwati mukafuna kudziwa ngati mipando yakwana, simufunika kuwerenga anthu padera, mipando padera. Mumangoti aliyense akhale pansi. Ngati palibe amene waimirira ndipo palibe mpando wotsala, anthu ndi mipando n'zofanana kuchuluka, ngakhale simukudziwa kuti ndi angati. Mwana amene sanayambe sukulu amadziwa kuti mbale zakwana poika mbale imodzi patsogolo pa munthu aliyense. Kugwirizanitsa chimodzi ndi chinzake kotereku ndiye muzu wa kuwerenga konse. Tikamati "1, 2, 3" tikuloza mbuzi m'khola, tikungopatsa mbuzi iliyonse nambala yake.

Amene analimba mtima n'kugwiritsa muyeso umenewu pa zinthu zosatha ndi Georg Cantor, amene anabadwa mu 1845, n'kuphunzitsa pa yunivesite ya Halle ku Jeremani komweko, ndipo anamwalira mu 1918. Iye anati magulu awiri ndi ofanana kukula ngati pali njira yowagwirizanitsa chimodzi ndi chimodzi popanda chotsala mbali iliyonse. Ena anali ataona kale chodabwitsachi. Galileo, m'buku lake la mu 1638, anaona kuti nambala iliyonse ili ndi inzake imene imapezeka poichulukitsa ndi iyo yomwe: 1 ndi 1, 2 ndi 4, 3 ndi 9, 4 ndi 16. Nambala ngati 1, 4, 9, 16 zimaoneka zapatalipatali, koma zikugwirizana imodzi ndi imodzi ndi nambala zonse. Galileo ataona zimenezi anabwerera m'mbuyo, nati mawu akuti "zambiri", "zochepa" ndi "zofanana" sagwira ntchito pa zinthu zosatha. Cantor sanabwerere. Mnzake Richard Dedekind anafika mpaka ponena, mu 1888, kuti chizindikiro cha gulu losatha ndi chimenechi: limatha kufanana kukula ndi chigawo chake chomwe.

Apa ndi pamene pakubwera dzina limene nkhani yonseyi inapekedwera. Gulu lililonse limene lingakwane mu hotela ya Hilbert, chinthu chilichonse n'kupatsidwa chipinda chakechake cha nambala yodziwika, akatswiri a masamu amalitcha gulu lowerengeka. Kwa ife olankhula Chichewa mawuwa ali ndi msampha. Tikati "kumsonkhano kunabwera anthu owerengeka" timatanthauza kuti anali ochepa, ndipo tikati "osawerengeka" timatanthauza khwimbi la anthu. M'masamu si choncho. Mchenga wonse wa m'mbali mwa nyanja, umene ife timati wosawerengeka, kwa a masamu ndi wowerengeka, ndiponso uli ndi pothera. Nambala 1, 2, 3 zilibe pothera, koma nazonso n'zowerengeka. Kuwerengeka kwa m'masamu sikutanthauza kuti mudzamaliza kuwerengako. Kumatanthauza kuti zinthuzo zingaime pamzere umodzi, choyamba, chachiwiri, chachitatu, moti chilichonse nthawi yake yoitanidwa idzakwana. Mzere wa pachigayo ungatalike bwanji, bola mukudziwa kuti patsogolo panu pali anthu akutiakuti, mudzagayitsa. Tsoka lili kwa munthu amene patsogolo pake pali anthu osatha: ameneyo sali pamzere konse.

Cantor anapatsa kukula kwa gulu lotereli chizindikiro chake, ℵ₀, chimene chimawerengedwa kuti alefu ziro. Alefu ndi chilembo choyamba cha Chiheberi. Zimene manijala wachita masiku awiriwa tingazilembe motere: ℵ₀ + 1 = ℵ₀, ndiponso ℵ₀ + ℵ₀ = ℵ₀. Koma musatengeke n'kuyamba kuchotsera ngati mukuwerengera chenji. Tinene kuti m'mawa alendo onse a m'zipinda zosagawika ndi 2 anyamuka. Achoka anthu osatha, atsalanso anthu osatha. Tsiku lina anyamuka onse kuyambira chipinda 4 kupita kutsogolo. Achokanso anthu osatha, koma atsala atatu okha. Choncho funso lakuti "zosatha kuchotsapo zosatha zitsala zingati" lilibe yankho limodzi, ndipo amene angakupatseni yankho limodzi wakunamizani.

Usiku wachitatu ndiye wovuta. Alonda athamangira kwa manijala: "Bwana, bwerani mudzaone kunjaku!" Pabwalo paima mabasi: basi 1, basi 2, basi 3, osatha, ndipo basi iliyonse ili ndi mipando yosatha yodzaza anthu.

Mbali yoyamba ndi yosavuta. Alendo akale achulukitsenso nambala zawo ndi 2, zipinda zosagawika ndi 2 zitsale zopanda anthu. Vuto ndi lakuti anthu a m'mabasiwa aime bwanji pamzere umodzi. Wogwira ntchito watsopano anganene kuti, "Titsitse kaye basi 1 yonse, ikatha tiyambe basi 2." Koma basi 1 siitha. Munthu wa pampando woyamba m'basi 2 adzakalamba ali pompo. Mukati titenge kaye onse a pampando 1 m'mabasi onse, nawonso satha, ndipo a pampando 2 sadzafikiridwa. Njira zonse ziwiri zikuika anthu osatha patsogolo pa munthu wina, ndipo chimenecho ndiye chizindikiro chakuti njira yalakwika.

Manijala aganiza pang'ono, kenako auza aliyense kuti aphatikize nambala ya basi yake ndi nambala ya mpando wake. Amene ali m'basi 1 pampando 1 apeza 2, ndipo ndi yekhayo amene angapeze 2. Opeza 3 alipo awiri: basi 1 mpando 2, ndi basi 2 mpando 1. Opeza 4 alipo atatu: basi 1 mpando 3, basi 2 mpando 2, basi 3 mpando 1. Opeza 5 alipo anayi. Mwaona kukoma kwake? Kagulu kalikonse kali ndi pothera. Ndiye manijala aitana opeza 2, kenako opeza 3, kenako opeza 4, ndipo m'kagulu kalikonse wa basi ya nambala yaing'ono ndiye atsogola. Ngati mutalemba mabasi m'mizere yotsika ndi mipando m'mizere yopingasa, muona kuti manijala sakutsata mzere uliwonse mpaka kumapeto, koma akudula chopendekera, monga munthu amene akusesa bwalo kuyambira pangodya.

Titenge munthu mmodzi timutsate. Agogo ena ali m'basi 7, pampando 5, ndipo afunsa, "Mwanawe, ine ndikagona kuti?" 7 kuphatikiza 5 ndi 12. Patsogolo pawo pali timagulu ta opeza 2, 3, 4, mpaka 11. Kagulu koyamba kali ndi munthu 1, kachiwiri anthu 2, kachitatu 3, mpaka kakhumi kamene kali ndi anthu 10. Tikaphatikiza 1, 2, 3 mpaka 10 tipeza 55. M'kagulu kawo ka opeza 12, agogowa atsogoleredwa ndi a basi 1 mpaka basi 6, choncho iwo ndi a nambala 7. Pamzere wonse ali pa 55 kuphatikiza 7, ndiye 62. Popeza alendo atsopano akulowa m'zipinda zosagawika ndi 2, tichulukitsa 62 ndi 2 n'kuchotsapo 1. "Agogo, chipinda chanu ndi 123, kiyi wanu nayu."

Njirayi imabwereranso m'mbuyo, ndipo umenewo ndi umboni wakuti palibe chipinda chopatsidwa anthu awiri. Wokonza m'zipinda akafunsa kuti mu 199 mukugona ndani, tiwonjezera 1 n'kugawa ndi 2, tipeza kuti ndi munthu wa 100 pamzere. Timagulu 13 toyamba tili ndi anthu 91, choncho iye ndi wa nambala 9 m'kagulu kotsatira, ka opeza 15. Ndiye kuti anabwera pa basi 9, mpando 6. Munthu mmodzi, osati awiri. Ngati muli ndi cholembera pafupi, yesani nokha wa m'basi 4 pampando 9. Mukapeza chipinda 139, ntchito ya umanijala mwaitha.

Mabasi amenewa akutiululira chinthu chimene poyamba chimaoneka chosatheka. Ganizirani mafulakishoni, monga 1/2, 2/3, 7/5. Pakati pa 1 ndi 2 pali mafulakishoni osatha. Pakati pa 1/2 ndi 2/3 palinso osatha, ndipo awiri alionse amene mungasankhe, oyandikana chotani, pakati pawo mupezapo ena. Simungawandandalike kuyambira wamng'ono kupita wamkulu, chifukwa palibe fulakishoni "yotsatira". Aliyense angalumbire kuti mafulakishoni ndi ochuluka kuposa nambala zathunthu. Koma fulakishoni ndi nambala ziwiri chabe, yapamwamba ndi yapansi. Yapamwamba ikhale basi, yapansi ikhale mpando, basi mwatha. Agogo aja ndi 7/5. Mzere uyamba 1/1, 1/2, 2/1, 1/3, kenako 2/2 amene timudumpha chifukwa ndi 1/1 yemwe uja wangosintha malaya, kenako 3/1, 1/4, 2/3, n'kumapita. Fulakishoni iliyonse ili ndi malo ake pamzerewu. Mafulakishoni ndi gulu lowerengeka, lofanana kukula ndi 1, 2, 3. Kwa ine, m'nkhani yonseyi, pamenepa ndi pamene maso amanamizidwa kwambiri.

Pofika apa munthu amayamba kuganiza kuti zosatha zonse n'zimodzi, ndipo manijala wochenjera angathe kulowetsa gulu lililonse. Zikanakhala choncho, mawu akuti "lowerengeka" akanakhala opanda ntchito, chifukwa gulu lililonse likanakhala lotero. Koma akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Usiku wachinayi kwafika basi imodzi yokha. Mipando yake ilibe nambala 1, 2, 3. M'malo mwake wokwera aliyense ali ndi tikiti yolembedwa nambala ya pakati pa 0 ndi 1, yokhala ndi kadontho ndi madijiti osatha kutsogolo kwake, monga 0.33333 kupitirira osaima, kapena 0.14159 kupitirira osaima. Kondakitala anena kuti nambala iliyonse yotere ili ndi mwini wake m'basimo, palibe yosowa. Kuti tisavutike, tinene kuti usiku umenewo hotela ilibe mlendo ngakhale mmodzi, zipinda zonse zili mbee.

Manijala agwira ntchito usiku wonse, kenako abwera ndi kaundula. "Onse ndawapatsa zipinda," atero monyadira. Kondakitala atenga kaundulayo, ayang'ana mizere yoyamba:

Chipinda 1: 0.31415...
Chipinda 2: 0.50000...
Chipinda 3: 0.27581...
Chipinda 4: 0.99053...

"Bwana," atero kondakitala, "pali munthu amene mwamusiya m'basi, ndipo tikiti yake ndikulemberani pompano."

Ayang'ana chipinda 1, atenga dijiti yoyamba pambuyo pa kadontho, imene ndi 3. Ku chipinda 2 atenga dijiti yachiwiri, imene ndi 0. Ku chipinda 3 atenga yachitatu, imene ndi 5. Ku chipinda 4 atenga yachinayi, imenenso ndi 5. Akutsika chopendekera, ndipo atero mpaka kutsogolo konse. Tsono dijiti iliyonse aisintha ndi lamulo limodzi: ikakhala 5 alemba 4, ikakhala ina iliyonse alemba 5. Pa 3 alemba 5, pa 0 alemba 5, pa 5 alemba 4, pa 5 winayo alembanso 4. Tikiti yatsopano ikuyamba 0.5544 n'kumapitirira.

Nambala imeneyi ili pakati pa 0 ndi 1, choncho mwini wake ali m'basimo. Nanga ali m'chipinda chiti? Si wa m'chipinda 1, chifukwa akusiyana pa dijiti yoyamba. Si wa m'chipinda 2, chifukwa akusiyana pa yachiwiri. Manijala akati "mwina ali mu 8,000", kondakitala angoti, "Taonani dijiti ya nambala 8,000, ndaisintha dala." Chipinda chilichonse chimene manijala angatchule, pali malo amodzi pamene matikiti awiriwo akusiyana. Munthuyo sali m'kaundula. Kusankha 4 ndi 5 kuli ndi chifukwa chake: nambala zina zimalembedwa pawiri, mwachitsanzo 0.4999 yokhala ndi ma 9 osatha ndi yofanana ndi 0.5000, choncho kondakitala akupewa 0 ndi 9 kuti asalembe mwangozi munthu amene ali kale m'chipinda koma m'kalembedwe kena.

Pano owerenga wochenjera adzuka: "Nanga vuto lili pati? Manijala asunthe aliyense chipinda chimodzi monga tsiku loyamba lija, wosiyidwayo alowe mu 1." Angathedi kutero. Koma akatero wapanga kaundula watsopano, ndipo kondakitala atsikanso chopendekera pa kaundula watsopanoyo n'kutulutsa munthu wina wosiyidwa. Mtsutso wa kondakitala sukunena kuti manijala analakwitsa kaundula uyu yekha ayi. Ukunena kuti kaundula aliyense amene angalembedwe, ndi munthu wanzeru chotani, adzakhala wopelewera. Gulu limeneli silikwana mu hotela ya Hilbert. Ili ndiye gulu losawerengeka m'chinenero cha masamu: losatha, komanso lalikulu kuposa gulu losatha la 1, 2, 3.

Wina angafunsenso kuti, bwanji kalumo komweka sikadula mafulakishoni aja? Alembeni onse ndi kadontho, mutsike chopendekera, mupezadi nambala imene palibe pamzerewo. Koma zimenezo sizigwetsa kanthu, chifukwa nambala yatsopanoyo sikhala fulakishoni. Fulakishoni iliyonse ikalembedwa ndi kadontho, madijiti ake amafika poyamba kubwerezabwereza, monga 1/3 amene ndi ma 3 okhaokha, kapena 1/7 amene amabwereza 142857. Nambala ya kondakitala sibwereza chotero. Mwapeza munthu wopanda chipinda, inde, koma sanali wa m'basi ya mafulakishoni. M'basi yachinayi ija mulibe pothawira potere, chifukwa nambala iliyonse ya madijiti osatha ndi ya m'basimo.

Cantor anasonyeza koyamba mu 1874 kuti nambala zoterezi n'zosawerengeka, pogwiritsa ntchito njira ina yovutirapo. Njira yotsika chopendekerayi anaifalitsa mu 1891. Si onse anakondwera nazo. Leopold Kronecker wa ku Berlin, amene anamuphunzitsapo Cantor, anatsutsa zolimba masamu a zinthu zosathawa. Hilbert anali mbali ya Cantor, ndipo hotela yake anaipeka pofuna kuonetsa omvera ake kuti gulu losatha silitsata malamulo a gulu lokhala ndi pothera.

Nkhaniyi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena. Sikutiuza kuti kwinakwake m'chilengedwe kuli chinthu chosatha chimene tingachigwire ndi manja. Hotela yeniyeni yotere singamangidwe, ndipo uthenga wa manijala sungafike m'zipinda zonse nthawi imodzi. Amene amakangana za kutalika kwa khonde kapena kutopa kwa alendo aphonya cholinga. Zipinda ndi nambala, alendo ndi zinthu za m'gulu, ndipo chilengezo cha manijala ndi lamulo logwirizanitsa ziwirizi. Funso lake ndi limodzi nthawi zonse: kodi lamulo lilipo lopatsa aliyense nambala yakeyake? Likapezeka, gululo ndi lowerengeka. Kulephera kwanu kulipeza sikukwanira kunena kuti gululo ndi losawerengeka, mwina mwangochepa nzeru ngati wogwira ntchito uja amene anafuna kutsitsa basi 1 yonse. Pamafunika umboni wonga wa kondakitala, wosonyeza kuti lamulo lililonse lilephera.

Cantor atapeza magulu osatha a misinkhu iwiri, anadzifunsa ngati pakati pawo pali msinkhu wina: gulu lalikulu moti silingakwane mu hotela, koma laling'ono kuposa basi yachinayi ija. Iye ankakhulupirira kuti kulibe, koma anamwalira asanapeze umboni. Mu 1900, pamsonkhano wa akatswiri a masamu ku Paris, Hilbert anaika funsoli poyamba penipeni pa mndandanda wake wotchuka wa mafunso 23. Kurt Gödel anasonyeza, m'ntchito imene anaifalitsa yonse mu 1940, kuti ndi malamulo amene akatswiri amamangirapo masamu a magulu, palibe amene angatsutse ganizo la Cantor. Mu 1963 Paul Cohen wa ku Amereka anasonyeza mbali inayo, kuti ndi malamulo omwewo palibenso amene angalitsimikize. Pamene yankho lachiwirili linkatuluka, Hilbert anali atagona m'manda ku Göttingen zaka 20.